Fodya m'kamwa: zimene amawononga ndi zizindikiro zoyamba za khansa

Fodya amalowa m'thupi m'njira zitatu: kusuta ndudu kapena chingambwe, kukoka wamphuno, ndi kutafuna kapena kubwira wopera n'kumusunga kuseri kwa mlomo. Ambiri amaganiza kuti fodya wosatulutsa utsi ndi wofatsa, koma m'kamwa si choncho. Fodya wopera nthawi zambiri amasakanizidwa ndi phulusa kapena soda, ndipo zimenezi zimathandiza kuti nikotini alowe msanga m'magazi, munthu n'kuzolowera mwachangu. Pamodzi ndi nikotiniyo, tsamba louma la fodya lili ndi mankhwala otchedwa naitirosamini, amene amawononga maselo n'kuyambitsa khansa. Utsi umadutsa, koma fodya wobwira amakhala malo amodzi kwa mphindi zambiri, tsiku ndi tsiku, zaka ndi zaka.

Zoyamba kuoneka aliyense amazidziwa: mano ofiirira, fungo loipa, ndi chakudya chosamveka kukoma. Chobisika ndi matenda a nkhama. Kusuta kumafinya timitsempha ta magazi, motero nkhama zodwala sizitulutsa magazi potsuka mano monga zimachitira mwa munthu wosasuta. Wosuta amadziona ngati ali bwino pamene fupa logwira mano likudyeka pang'onopang'ono, mpaka dzino litayamba kugwedera. Mwa wobwira, nkhama zimathawa dzino pamalo pamene fodya amakhala, muzu n'kutsala pamtunda, ndipo madzi ozizira amachititsa dzino kunyerenyetsa.

Pamalo omwewo khungu la m'kamwa limasintha. Limayera, kukhuthala ndi kuchita makwinya. Kawirikawiri makwinya otere amazimiririka pakapita milungu 2 mpaka 6 munthu atasiya fodya. Banga loyera limene latsalabe pambuyo pake ndilo loyenera kupimidwa. Madokotala amalitcha lukoplakiya, ndipo chizindikiro chake n'chakuti silichoka ngakhale alipukute. Apa n'pamene limasiyana ndi mafangasi a m'kamwa, ofala mwa anthu amene chitetezo chawo chatsika, omwe amapukutika n'kusiya pofiira. Mabanga oyera ambiri safika pa khansa, koma palibe amene angasiyanitse abwino ndi oipa pongoyang'ana. Banga lofiira kwambiri, losalala ndi lofewa, kapena losakanikirana kuyera ndi kufiira, ndi loopsa koposa, chifukwa nthawi zambiri maselo ake amakhala atayamba kale kusintha.

Chimene chimachedwetsa anthu kupita kuchipatala n'chakuti khansa ya m'kamwa imayamba mosapweteka. Chilonda wamba cha m'kamwa chimawawa kwambiri, koma chimapola chokha pasanathe milungu 2. Cha khansa chimangokhala phee, osapola, m'mbali mwake mutatukuka, ndipo chikakhudzidwa ndi chala chimamveka cholimba ngati muli kanjere mkati. Chimakonda m'mbali mwa lilime ndi pansi pa lilime, malo amene munthu saona pagalasi pokhapokha atatulutsa lilime n'kulikhotetsera uku ndi uku. Mwa obwira, chimapezekanso m'ngalande ya pakati pa tsaya ndi nkhama.

Tiyerekeze bambo wa zaka 55 amene wasuta kuyambira ali mnyamata ndipo amamwa kachasu. Mowa ndi fodya zikakumana, chiopsezo chimakula kuposa kungophatikiza cha zinthu ziwirizi, chifukwa mowa umatsegulira njira mankhwala a m'fodya kuti alowe m'khungu. Bamboyu wapeza kachilonda m'mbali mwa lilime, pafupi ndi dzino losweka, ndipo akuti dzinolo ndilo likumucheka. N'zotheka. Dokotala wa mano akhoza kulisalaza kapena kulizula, koma nkhani siithera pamenepo. Chilonda chochekedwa ndi dzino chiyenera kupola pasanathe milungu 2 dzinolo litachoka. Chikapanda kupola, mankhwala otsukira m'kamwa kapena opha mabakiteriya sangathandize, ndipo kumangowasinthasintha ndi kutaya miyezi yamtengo wapatali. Chofunika ndi kudula kachidutswa kakang'ono ka mnofu, atabaya jakisoni wochititsa dzanzi, n'kukapima ku labotale. Njira yotsimikizira khansa ndi imeneyi yokha, ndipo chipatala chaching'ono chimatumiza wodwala wotere ku chipatala cha boma kapena ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe.

Pali zizindikiro zina zimene siziyenera kudikira kupitirira milungu 3: chotupa cholimba ndi chosapweteka m'khosi kapena pansi pa chibwano, dzanzi pa mlomo kapena pa lilime, dzino logwedera popanda chifukwa, bala la dzino lozulidwa limene silikutseka, kuvutika kumeza kapena kuyasamula, mawu osasa, ndi khutu limodzi lopweteka pamene khutulo lilibe vuto. Chotupa cha m'khosi chimasonyeza kuti matenda angakhale atayamba kufalikira. Khansa yopezeka isanapitirire masentimita 2 ndipo isanafike m'khosi nthawi zambiri imachotsedwa ndi opaleshoni yokha, munthu n'kupitiriza kudya ndi kulankhula bwino. Ikakula, pamafunika kuchotsa mbali ya lilime kapena ya nsagwada, kenako kuwotcha malowo ndi cheza champhamvu cha makina, ndipo mwayi wochira umachepa kwambiri.