Magetsi azime, malonda atulukebe: kusiya mapositi pa mzere wa pa seva

Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la pa Kapichira, ndipo mamegawati pafupifupi 130 anachoka pa mawaya a dziko lino kwa nthawi yoposa chaka. Anthu a m'matauni anazolowera kuwerenga ndondomeko ya ESCOM yothimitsa magetsi, kuti adziwe tsiku lomwe dera lawo likhale mumdima. Kapichira anakonzedwa, koma kuthimathima sikunatheretu. Magetsi ambiri omwe EGENCO imapanga amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, choncho madzi akachepa kapena zinyalala zikatseka makina, dziko lonse limamva.

Kwa munthu wochita malonda pa Facebook ndi Instagram, vuto limabwera pawiri. Batire ya foni imatha, ndiye ngakhale itakhala yodzadza, netiweki imafooka chifukwa nsanja za mafoni nazo zimadalira magetsi, mabatire ndi dizilo. Positi yomwe imafunika kutuluka m'mawa anthu ali m'minibasi imatuluka masana, kapena osatuluka n'komwe.

Anthu ambiri amaganiza kuti mankhwala ake ndi kupeza apu iliyonse yolonjeza kuti idzatumiza yokha nthawi ikakwana. Apa ndi pomwe amagwa, chifukwa maapu amenewa alipo a mitundu iwiri, ndipo pa sikirini amaoneka ofanana.

Mtundu woyamba umasunga positi m'foni momwemo. Nthawi ikakwana, apu imadzutsa foni, kutsegula WhatsApp kapena pulogalamu ina, n'kudina batani lotumizira m'malo mwa mwini wake. Kuti izi zitheke, foni iyenera kukhala yoyaka, yokhala ndi bandulo, netiweki ilipo, ndipo nthawi zina yosakiya. Palinso msampha wina: batire ikatsika, mafoni a Android amayamba kutseka maapu omwe akugwira ntchito mobisika kuti moto usathe msanga. Ndiye kuti tsiku lenileni lomwe magetsi kulibe ndi lomwe foni imapha apu yomwe mwini wake amadalira.

Mtundu wachiwiri umachotsa positi m'foni nthawi yomwe ikukonzedwa. Mawu, chithunzi ndi nthawi yotulukira zimapita pa seva, kompyuta ya kampani yomwe ili kutali ndipo imayaka usana ndi usiku. Kumeneko positi imaima pa mzere pamodzi ndi zinzake, ndipo nthawi yake ikakwana, sevayo imaipereka ku Facebook kapena Instagram popanda kufunsa foni. Zili ngati kusiya thumba la chimanga pa mzere kuchigayo: mwini wake atha kupita kumsika, thumba lizisendera lokha. Meta Business Suite, yomwe ndi yaulere kwa aliyense wokhala ndi tsamba la Facebook, imagwira ntchito chonchi. N'chimodzimodzi Buffer, YouTube Studio, mauthenga oikidwa nthawi a Telegram, ngakhalenso batani la Schedule send la mu Gmail.

Kusiyanitsa mitundu iwiriyi sikufuna katswiri. Munthu akonze positi yoyeserera yoti ituluke pakatha theka la ola, azimitse foni yake kotheratu, kenako ayang'ane tsambalo pa foni ya mnzake. Positi ikaoneka foni ili chizimire, mzerewo uli pa seva. Ikapanda kuoneka, kapena ikatulukira foni itayatsidwa, apuyo si yodalirika m'dziko la kuthimathima.

Titenge chitsanzo cha mayi wosoka madiresi a chitenje ku Ndirande, yemwe akufuna mapositi awiri patsiku, wina 6:30 m'mawa, wina 7:00 madzulo. Pa sabata ndi mapositi 14. Ntchito yake yaikulu tsopano si kukumbukira nthawi yotumizira, koma kupeza mpata umodzi wa magetsi ndi netiweki yabwino woti akweze zonse 14 pa seva. Akaona ndondomeko ya ESCOM, amasankha tsiku lomwe dera lake likuyembekezeka kukhala ndi magetsi, tinene Lamulungu, n'kukhalira ntchitoyo m'bandakucha kapena usiku kwambiri, pamene anthu ogawana nawo nsanja ali ochepa. Mawu a mapositi amawalemberatu mu kope kapena m'foni popanda intaneti, kuti nthawi ya netiweki isathere pa kuganiza chonena.

Chomwe chimavuta pa mpata umenewu ndi kulemera kwa zithunzi. Chithunzi chochokera mu kamera ya foni chimatha kulemera mamegabaiti 4, ndiye 14 ndi mamegabaiti 56. Komatu kuti chioneke bwino pa Instagram, m'lifupi mwa mapikiselo 1080 ndi mokwana, ndipo chikachepetsedwa kufika pamenepo chimatsika kufika pa makilobaiti pafupifupi 300. Zonse 14 zimangodutsa pang'ono mamegabaiti 4. Makasitomala saona kusiyana, koma bandulo ya mayiyu imaona.

Pa vidiyo nkhani imakula. Netiweki ya foni imatsitsa zinthu mwachangu kuposa momwe imakwezera, n'chifukwa chake munthu amatha kuonera mavidiyo bwinobwino koma yake n'kumakana kupita. Ngati liwiro lokwezera lili theka la megabiti pa sekondi, vidiyo ya mamegabaiti 60 imafuna mphindi 16 netiweki isanadukepo. Vidiyo yomweyo ikafinyidwa kufika pa mamegabaiti 12 imatenga mphindi zitatu ndi masekondi ochepa. Pamalo pomwe netiweki imadumpha kuchoka pa 4G kupita pa E mosachenjeza, mphindi zitatu ndi zotheka, koma 16 ndi juga. Nzeru yake ndi kuyamba ndi zopepuka, mawu ndi zithunzi, vidiyo ikhale yomaliza, kuti netiweki ikathawa pakati sabata isakhale yopanda kanthu.

Kenako pali kutsimikiza, komwe anthu ambiri amadumpha. Kudina Schedule sikutanthauza kuti positi yafika. Ngati kamzere kokwezera kanaima pakati, positiyo idakali m'foni, kapena yagwera mu Drafts, komwe idzakhala mpaka kalekale. Mayi uja ayenera kutsegula Planner kapena mndandanda wa Scheduled mu Meta Business Suite, kapena Queue mu Buffer, n'kuwerenga: 14 zonse zilipo, chilichonse ndi chithunzi chake ndi nthawi yake? Kuwerengako kumagwiranso vuto lina lofala pa netiweki yofooka. Munthu amadina, foni n'kuoneka ngati yazizira, iye n'kudinanso, osadziwa kuti ulendo woyamba unadutsa. Lachitatu m'mawa diresi lomwelo limatuluka kawiri.

Ayang'anenso wotchi ya pa seva. Malawi ali maola awiri patsogolo pa UTC, ndipo akaunti ikakhala kuti inasiyidwa pa UTC, positi ya 6:30 m'mawa idzatuluka 8:30, anthu atalowa kale m'maofesi. Mu Buffer pamafunika kusankha Blantyre pa malo a nthawi, kapena mzinda wina wa nthawi yofanana monga Lusaka kapena Harare.

Kusankha pakati pa zida ziwirizi kumatsatira masamu omwewo. Buffer yaulere imalola maakaunti atatu, ndi mapositi 10 odikira pa akaunti iliyonse. Kwa mayi wa awiri patsiku, 10 ndi masiku asanu: akadzaza Lamulungu, mzere umauma Lachisanu madzulo, Loweruka tsamba n'kukhala zii pa tsiku lomwe anthu amaganiza zosoketsa. Ayenera kupeza mpata wachiwiri pakati pa sabata, kapena kuchepetsa mapositi, kapena kungogwiritsa Meta Business Suite ngati malonda ake ali pa Facebook ndi Instagram pokha. Kulipira Buffer kumafuna khadi yolipirira m'madola, nkhani yomwe siyophweka kwa wamalonda wamng'ono kuno.

Mzere wa pa seva uli ndi malire ake, ndipo ena amapweteka kwenikweni pamsika wa kuno. Malonda ambiri amayenda pa WhatsApp Status ndi m'magulu a Facebook a zogulitsa. Maapu ambiri olonjeza kuika nthawi pa Status ndi a mtundu woyamba uja, odalira foni. Za magulu, mu Epulo 2024 Meta inatseka khomo lomwe zida zakunja zinkalowera potumiza m'magulu a Facebook, motero zida zimenezi sizingaponyemo positi zokha. Pa Instagram, kutumiza kochitika pa seva kumafuna akaunti ya bizinesi kapena ya wopanga zinthu, osati ya munthu wamba. Pomwe khomo latsekedwa, zida zina zimangotumiza chikumbutso ku foni kuti mwini wake amalize yekha. Positi yotere imaoneka pa mzere ngati zinzake, koma foni ikazima nayo yazima.

Chilolezo chomwe Facebook imapereka kwa chida chakunja nachonso chimatha. Kusintha pasiwedi kumatha kuchidula nthawi yomweyo, ndipo mapositi onse otsatira amalephera mpaka mwini wake alumikizenso akauntiyo. Chizindikiro chake ndi uthenga wa kulephera pa Queue, womwe munthu wopanda netiweki sauona. N'chifukwa chake ndi bwino kusintha pasiwedi pa tsiku lodzaza mzere, n'kulumikizanso pomwepo, osati pakati pa sabata.

Vuto lomaliza ndi loti seva simva za m'mudzi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mitengo ya nsalu, ulusi ndi zipi sinadikire sabata kuti isinthe. Positi yokonzedwa Lamulungu yokhala ndi mtengo ikanapitiriza kulonjeza makasitomala mtengo wakale, mwini wake alibe netiweki yoti aichotse. N'chimodzimodzi diresi limodzi lokha lomwe lagulidwa Lachiwiri koma likulengezedwa Lachinayi, kapena positi yanthabwala yotuluka m'mawa womwe pamudzi pagwa maliro. Zoyenera mzere ndi zomwe sizisasa msanga: masitayilo omwe mayiyu amasoka, malo a shopu, masiku otsegulira, kasamalidwe ka chitenje kuti chisasuluke. Mitengo ndi katundu wa chimodzichimodzi azitumiza ndi manja pamene netiweki ilipo.

Pa zadzidzidzi pafunika munthu wachiwiri. Meta Business Suite imalola mwini tsamba kupatsa wina mphamvu yokonza ndi kuchotsa mapositi kudzera pa akaunti yakeyake, popanda kumuuza pasiwedi. Woyenera ndi m'bale kapena mnzake wokhala dera lomwe silithimitsidwa limodzi ndi Ndirande, ndipo ngati mayiyu ali pa TNM, winayo akhale pa Airtel. Uthenga wamba wa pa foni umadutsa ngakhale intaneti itakana, ndiye mawu ochepa oti positi ya Lachinayi ichotsedwe amakwana kuti winayo atsegule Planner n'kuichotsa isanatuluke.