Kulondola Madzi a Mulunguzi pa Kompyuta

Mvula ikagwa pamwamba pa phiri la Zomba, madzi ake sapita kumodzi. Ena amatsikira mumtsinje wa Domasi, ena mu Mulunguzi, mtsinje womwe umadzaza damu limene anthu a mumzinda wa Zomba amamwako. Chimawalekanitsa ndi msana wa zitunda, ndipo kuti munthu aulondole wapansi angathe masiku. Pulogalamu yaulere ya QGIS imajambula malirewo masana amodzi, bola woigwiritsa ntchito akhale tcheru.

Ntchito imayamba ndi mapu oonetsa kukwera kwa nthaka, otchedwa DEM. Ambiri amatenga a SRTM, omwe chombo cha m'mlengalenga cha Endeavour chidayeza mu Febuluwale 2000. Mapuwa ali ngati mkeka wa timabokosi, kalikonse pafupifupi mamita 30 mbali zonse, ndipo kali ndi nambala imodzi yonena kukwera kwa malowo. Zomba ili pachidutswa cha S16E035. Chidutswachi chimabwera m'madigiri, choncho chimayamba chasinthidwa ndi chida cha Warp (Reproject) kuti chikhale m'mamita, pa EPSG:32736. Akatero amachidula kuti patsale phiri lonse ndi malo ena m'mbali mwake. Akadula mothina, zitunda zina zimatsala kunja ndipo malire amatuluka owongoka ngati odulidwa ndi lumo.

Kenaka chida cha r.watershed chimafunsa kabokosi kalikonse kuti: pa anzako asanu ndi atatu okuzungulira, madzi ako upatsa uti? Akachonga posankha D8, madzi onse amapita kwa mmodzi yekha, kumene kwatsetsereka kwambiri. Chidachi chimawerenganso timabokosi tonse takumtunda tomwe madzi ake amadutsa pamalo aliwonse. Pamsana pa chitunda nambalayo imakhala 1. M'khwawa imafika mazana, mumtsinje masauzande.

Kompyuta sidziwa pomwe mtsinje umayambira. Amaiuza ndi munthu, polemba nambala pa threshold. Kabokosi kamodzi ndi masikweya mita 900, ndiye akalemba 1000 akutanthauza kuti mtsinje uyambe pomwe madzi a mahekitala 90 akumana. Akalemba 100, omwe ndi mahekitala 9, phiri lonse limadzaza timizere ngati mizu ya udzu, ndipo tambiri mwa ito ndi ngalande zouma. Nambala yoyenera imapezeka poyesa kangapo n'kuyerekeza ndi zithunzi za setilaiti, mpaka mizere igwirizane ndi timitsinje toonekadi.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi posankha potulukira madzi. Chida cha r.water.outlet chimafuna kadontho kamodzi, ndipo chimasonkhanitsa malo onse omwe madzi ake amathera pamenepo. Wophunzira amatsegula chithunzi cha setilaiti, naona Mulunguzi akutuluka kunsi kwa khoma la damu, nadina pakati penipeni pa madzi. Akudikira kuona chigwa chonse mpaka kumtunda kwa mathithi a Williams, koma chotuluka ndi kachigamba ka timabokosi tochepa, kochepera dimba la ndiwo.

Pulogalamu sidalakwe. Mtsinje wa pachithunzi ndi mtsinje wa mu DEM sagona pamodzi nthawi zonse. Amatha kusiyana ndi kabokosi kamodzi kapena tiwiri. Kadontho kaja kagwera pagombe, ndipo kompyuta yajambula mokhulupirika katsetse kakang'ono komwe kamathira madzi pagombepo. Chofunika n'kuzimitsa chithunzicho, kutsegula mapu a kuchuluka kwa madzi aja, kuwakuza mpaka timabokosi tioneke kamodzikamodzi, n'kudina kamene kali ndi nambala yaikulu. Pakati pa damu sipoyenera kudina, chifukwa madzi odekha amaoneka athyathyathya ndipo njira yomwe kompyuta imajambula pamenepo ndi yongopeka.

Malire akatuluka, r.to.vect imawasandutsa mzere wozungulira woti n'kuyezeka, ndipo `$area / 10000` imapereka mahekitala. Pali njira yabwino yodziyesera: nambala ya kabokosi kadadinidwa kaja, ikachulukitsidwa ndi 900, iyenera kufanana kapena kuyandikana kwambiri ndi kukula kwa deralo m'masikweya mita. Nambala ija ikakhala ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo, r.watershed ikuchenjeza kuti madzi ena angakhale akuchokera kunja kwa mapu odulidwa aja.

Paphiri la Zomba palinso nkhani ya mitengo. Chombo chija sichinkafika pansi m'nkhalango yowirira. Chinkayeza pafupi ndi nsonga za mitengo. Munda wa paini womwe udali wautali m'chaka cha 2000 umaonekabe ngati kachitunda, ngakhale mitengoyo idachekedwa kalekale. Pamalo otsetsereka kwambiri izi sizisokoneza zambiri, koma pomwe phiri lathyathyathya zingakhotetse kamtsinje kapena kusuntha malire. Malo otere ndi omwe wojambula mapu amawalemba chizindikiro, kuti akawaone ndi maso, makamaka nyengo ya dzinja pamene kakhwawa kalikonse kakuyenda madzi.