Kodi Mumadziwa?

Mwana wanu ali ku Joni, akufuna kukutumizirani ndalama ku Chitipa kudzera kubanki. Nambala ya akaunti payokha siyikwana. Pamafunikanso SWIFT, chizindikiro chomwe mabanki amadziwirana padziko lonse. Ya National Bank of Malawi ndi NBMAMWMW: zilembo zinayi zoyambirira ndi banki, MW wotsatira ndi Malawi, ziwiri zomaliza ndi malo a banki.

SWIFT imangofikitsa ndalama pakhomo pa banki. Mwini ndalamazo amadziwika ndi zolembedwa pa fomu, pa gawo la Beneficiary: dzina, nambala ya akaunti ndi adiresi. Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Mwana akalemba dzina lomwe amakuitanani kumudzi, osati la pa akaunti, banki imatha kuziimika ndalamazo kapena kuzibweza, ndipo zimabwerera zitadulidwako.