Makina ogulidwa chaka chili pakati: ku Joni lamulo la msonkho lili pawiri

Amalawi amene akhazikitsa makampani osoka zovala, owotcherera zitsulo kapena opala matabwa ku South Africa amakumana ndi funso limodzi nthawi yodzaza fomu ya msonkho ikafika. Makina anagulidwa mu Sepitembala, chaka cha kampani chikutha mu Febuluwale. Kodi pa phindu lodulidwa msonkho achotsepo ndalama ya chaka chonse, kapena ya miyezi isanu ndi umodzi yokha? Ambiri amangogawa pakati chifukwa ndi zomwe zikuoneka zachilungamo. Koma lamulo la msonkho la dzikolo, lomwe linakhazikitsidwa mu 1962, siliyendera maonekedwe. Katundu wina limamugawa potsata masiku, wina silimugawa n'komwe.

Ndalama yogulira makina siichotsedwa ngati ya lendi kapena ya magetsi, chifukwa makina amagwira ntchito zaka zambiri. Lamulo limalola kuti mtengo wake uzichotsedwa pa phindu pang'onopang'ono, ndipo magawo awiri ndiwo amakhudza anthu ambiri. Gawo 11(e) ndi la kutha kwa katundu wamba wa bizinesi, monga galimoto, makompyuta ndi mipando. Gawo 12C ndi la makina ogwira mwachindunji ntchito yopanga zinthu. Kusiyana kwa magawo awiriwa kumaonekera kwambiri m'chaka choyamba.

Tiyerekeze kampani ya ku Johannesburg yosoka mayunifolomu a sukulu, imene chaka chake chimayamba pa 1 Malichi ndi kutha pa 28 Febuluwale. Pa 1 Sepitembala yayamba kugwiritsa ntchito zinthu ziwiri zatsopano: makina odulira ndi kusokera nsalu a R400,000, ndi galimoto yoperekera katundu ya R240,000.

Galimoto igwera m'gawo 11(e). Bungwe lotolera msonkho la SARS lili ndi chikalata chotchedwa Interpretation Note 47, chomwe chimatchula zaka zoyenera katundu aliyense. Galimoto yoperekera katundu amaipatsa zaka zinayi, choncho pa chaka chathunthu kampani ichotsa R60,000. Koma galimotoyi sinayende chaka chathunthu. Kuchokera pa 1 Sepitembala mpaka pa 28 Febuluwale pali masiku 181, ndipo masamu ake ndi awa:

```
R60,000 x 181 / 365 = R29,753
```

Ndalama imene yatsala sinatayike ayi. Zaka zitatu zotsatira kampani idzachotsa R60,000 chaka chilichonse, kenako R30,247 yotsalayo idzachotsedwa m'chaka chachisanu. Kugawa potsata masiku kumangokankhira mchira kutsogolo.

Makina osokera aja nkhani yake ndi ina. Gawo 12C limalola kuchotsa 40 peresenti ya mtengo wa makina atsopano m'chaka chimene ayamba ntchito, kenako 20 peresenti chaka chilichonse kwa zaka zitatu. Apa palibe kuwerenga masiku. Kampani yathu ichotsa R160,000 yonse, ngakhale makinawo agwira theka la chaka. Akadayamba ntchito pa 27 Febuluwale, kutatsala tsiku limodzi kuti chaka chithe, ndalama yake ikadakhala yomweyo. Akadakhala makina ogwirapo kale ntchito, kampani ikadachotsa 20 peresenti pa chaka kwa zaka zisanu, kutanthauza R80,000 m'chaka choyamba, nayonso yosagawa.

Munthu akasokoneza magawo awiriwa amapwetekeka mbali zonse. Amene wagawa pakati ndalama ya makina achotsa R80,000 m'malo mwa R160,000. Popeza makampani ku South Africa amadulidwa msonkho wa 27 peresenti, iyeyu wapereka R21,600 yoposera, m'chaka chomwe thumba lili lopepuka kale chifukwa chogula makina. Amene wachotsa R60,000 yonse pa galimoto wachepetsa phindu lake ndi ndalama yoposa R30,000 popanda chilolezo, ndipo a SARS akazindikira amafuna msonkho wotsalawo ndi chiwongoladzanja, mwinanso ndi chindapusa. Cholakwa choyambacho ndicho chimabisala nthawi yaitali, chifukwa amene wapereka msonkho wochuluka palibe amamulembera kalata.

Gwero la chisokonezochi nthawi zambiri ndi mabuku a akauntanti. M'mabuku a kampani katundu aliyense amatsika mtengo mwezi ndi mwezi kuyambira pamene wayamba ntchito, ndipo zimenezo n'zoona pa mabuku. Koma powerengera msonkho, kutsika mtengo kwa m'mabukuko kumabwezeredwa pa phindu, ndipo m'malo mwake mumalowa ndalama imene lamulo lalola. Mukaona kuti chiwerengero cha makina opangira zinthu pa fomu ya ITR14 chikufanana ndendende ndi cha m'mabuku, funsani amene anadzaza fomuyo, chifukwa mwina anangokopera.

Tsiku lofunika pa magawo onse awiri si la pa inivoyisi, ndi tsiku limene katunduyo wayamba kugwira ntchito ya bizinesi. Apa m'pamene pagona nkhani. Galimoto ija ikadagulidwa pa 1 Sepitembala koma n'kuyamba maulendo pa 1 Okutobala, masiku owerengera akadakhala 151. Pa makina a gawo 12C kuchedwa kumapweteka kuposa apa. Makina amene afika pa 20 Febuluwale n'kukhala m'mabokosi kudikira wodzalumikiza magetsi mpaka mu Malichi sabweretsa kalikonse m'chaka chimenecho: R160,000 yonse idikira chaka chotsatira. Mwini fakitale amene akugula makina chaka chikupita kumapeto ayenera kupangana tsiku ndi wodzaika makinawo asanalipire wogulitsa, ndipo asunge pepala losonyeza tsiku limene anaikidwa ndi kuyamba kusoka. Ndalama yoikira makinawo nayonso imalowa mu mtengo wake, choncho lisiti lake lisasowe.

Si chilichonse chili m'fakitale chimene chimalowa m'gawo 12C. Lamulo likuti makinawo akhale ogwira mwachindunji ntchito yopangayo. Kompyuta yolembera malipiro a antchito ili m'gawo 11(e), ya zaka zitatu, ndipo igawidwa potsata masiku ngakhale ili pa tebulo loyandikana ndi makina osokera. Tinthu ting'onoting'ono ta mtengo wosafika R7,000 timachotsedwa tonse m'chaka chomwe tagulidwa, bola tisakhale mbali ya seti imodzi. Mipando isanu ndi umodzi yogulidwa ngati seti siiwerengedwa umodziumodzi.

Chitsanzo chathu chatenga kampani wamba. Makampani ang'onoang'ono oyenerera gawo 12E, omwe ndalama zawo zolowa siziposa R20 miliyoni pa chaka ndipo eni masheya onse ndi anthu osati makampani ena, ali ndi mwayi woposa. Makina opangira zinthu amachotsa mtengo wonse m'chaka choyamba, ndipo katundu wina monga galimoto ija angachotse 50 peresenti, kenako 30, kenako 20, popanda kuwerenga masiku. Galimoto ya R240,000 ingabweretse R120,000 m'malo mwa R29,753. Koma zoyenereza zake n'zokhwima: mwini mmodzi akakhala ndi masheya m'kampani ina yochita malonda, kampani yonse ikhoza kutuluka m'gululi. Gawoli silikhudzanso munthu wochita bizinesi m'dzina lake popanda kulembetsa kampani.

Malamulowa ndi a ku South Africa okha, ndipo amene ali ndi fakitale ku Blantyre kapena ku Chipata asatengere ziwerengerozi pa fomu ya kwawo. Kwa inu amene muli ku Joni, musanasaine fomu ya chaka chino, uzani akauntanti wanu akuonetseni kaundula wa katundu, ndipo pa makina aliwonse atsopano pakhale polembedwa gawo la lamulo ndi tsiku limene anayamba ntchito.