Manyowa Alibe Nyenyezi: Kuwerenga Tebulo la Kafukufuku Mosasochera

Lipoti la kafukufuku likafika pamsonkhano, maso a anthu ambiri amathamangira pa tinyenyezi timene timaikidwa pambali pa manambala. Mzere wokhala ndi nyenyezi amati ndi woona, wopanda nyenyezi amaudumpha. Chizolowezi chimenechi chimandidetsa nkhawa, chifukwa chimatha kuphetsa njira yabwino ya ulimi imene inangoyesedwa pa anthu ochepa.

Tebulo limene tikunenali limachokera ku masamu otchedwa rigiresheni. Ntchito yake ndi kuona mmene chinthu chimodzi, monga zokolola, chimayendera limodzi ndi zinthu zingapo nthawi imodzi. Tiyerekeze kuti ofufuza afunsa alimi 200 a chimanga. Manambala ali m'munsiwa ndi ongophunzirira, koma aikidwa mmene pulogalamu ya Stata imaonetsera:

```
zokolola | Coefficient  Std. err.     t   P>|t|  [95% conf. interval]
feteleza |     180         40      4.50   0.000      101      259
manyowa  |     120         75      1.60   0.111      -28      268
mtunda   |      -3        1.2     -2.50   0.013     -5.4     -0.6
```

Zokolola zayezedwa m'makilogalamu pa ekala. Nambala yoyamba pamzere wa feteleza ikunena kuti mlimi amene anathira thumba limodzi loonjezera anakolola makilogalamu pafupifupi 180 kuposa mnzake wofanana naye pa nkhani ya manyowa ndi mtunda. Yachiwiri, 40, ikusonyeza mmene 180 uja angagwedezekere ofufuza akanakumana ndi alimi ena 200 osati awa. Mukagawa yoyamba ndi yachiwiri mupeza `t`, ndipo kuchokera pa `t` makina amawerengera nambala ya p. Mukaona 0.000 musati ndi ziro weniweni. Yangochepa kwambiri moti malo olembapo sanakwanire.

Nkhani yagona pa mzere wa manyowa. Amene anathira manyowa anaposa anzawo ndi makilogalamu 120, matumba awiri ndi pang'ono, koma p ndi 0.111. Popeza yapitirira 0.05, sipaikidwa nyenyezi, ndipo apa ndi pamene munthu amaimirira n'kunena kuti kafukufuku wapeza kuti manyowa sathandiza. Wina wodziwako masamu amakonza, amvekere ayi, zikutanthauza kuti pali mwayi wa 11 pa 100 woti manyowa ndi opanda ntchito. Onse awiri aphonya.

Nambala ya p imayamba ndi kuyerekeza. Timati: tingoganiza kuti manyowa sasintha kanthu m'pang'ono pomwe, komanso kuti masamu athu tawayala bwino. Zikanakhala choncho, tikanabwereza kafukufukuyu kambirimbiri ndi alimi atsopano, kodi ndi kangati pamene tikanapeza kusiyana kwa makilogalamu 120 kapena kuposa apo, kaya kokwera kaya kotsika? Yankho ndi lakuti pafupifupi maulendo 11 pa 100 alionse. Basi, p yanena zokhazo. Singatiuze mwayi woti manyowa ndi opanda ntchito, chifukwa kupanda ntchitoko ndiko tinayamba takuvomereza kuti tipeze nambalayo. Bungwe la akatswiri a masamu a kafukufuku ku America, American Statistical Association, linafika potulutsa chikalata m'chaka cha 2016 chochenjeza za kusokoneza komweku, ndipo amene ankachenjezedwa ndi asayansi enieni.

Nanga 0.05 inachokera kuti? Anaitchukitsa ndi Ronald Fisher, amene ankasanthula zotsatira za minda yoyesera ku Rothamsted, ku England, ndipo anaitchula m'buku lake la 1925 ngati malire osavuta kugwiritsa ntchito. Ndi mgwirizano wa anthu chabe. Umboni wa p ya 0.049 ndi wa 0.051 ndi wofanana ndithu, ngakhale kuti wina walandira nyenyezi, wina wamanidwa.

N'chifukwa chake ine ndimayamba kuwerenga tebulo chakumanja, pa manambala awiri omaliza. Amenewa ndi malire a mpata umene muli mayankho ogwirizana bwino ndi zimene zapezeka. Kuwapeza n'kosavuta: tengani 75, muchulukitse ndi pafupifupi 2, kenako muchotse ndi kuonjezera pa 120. Pa manyowa mpata wayambira pa -28 kufika pa 268. Ziro alimo, zoona, ndipo n'chifukwa chake p yapitirira 0.05. Koma 250 alimonso, amene ndi matumba asanu athunthu pa ekala. Kafukufuku amene sakutha kusiyanitsa pakati pa kutaya theka la thumba ndi kupindula matumba asanu sanapeze kuti manyowa sathandiza. Wangolephera kuyankha funsolo. Mpata ukanakhala wochokera pa -10 kufika pa 15, pamenepo tikananena molimba mtima kuti ngati phindu lilipo, ndi laling'ono. Mizere iwiri yotereyi yonse ilibe nyenyezi, koma uthenga wake ndi wotalikirana kwambiri.

Mpata umachepa anthu ofunsidwa akachuluka, koma umachepa mwaulesi. Kuti ufupike ndi theka pamafunika alimi ochuluka kanayi. Ndi alimi 800, 120 yemweyo atakhalabe, malire angakhale pafupifupi 46 ndi 194, nyenyezi n'kubwera, manyowa ali omwe aja.

Mawu akuti 95% nawonso amapusitsa. Sakutanthauza kuti alimi 95 pa 100 adzapindula pakati pa malire awiriwo. Mpatawu ukukamba za avereji, ndipo munda wa munthu mmodzi utha kukhala kutali nawo. Jerzy Neyman, amene anayala njirayi m'chaka cha 1937, anaika lonjezo pa njira yopangira malire, osati pa malire amodzi: mukabwereza kafukufuku nthawi zambiri, mipata 95 pa 100 imagwira nambala yeniyeni. Uwu uli m'manja mwanu utha kukhala umodzi mwa isanu yophonya ija, ndipo tebulo silingakuuzeni.

Mzere wa mtunda wopita kumsika ukuonetsa vuto la mbali inayo. P yake ndi 0.013, nyenyezi ilipo. Koma kilomita iliyonse ikungoyenda ndi kutsika kwa makilogalamu 3, ndiye kuti wokhala makilomita 10 kutali wachepekedwa makilogalamu 30, osakwana thumba. P yaing'ono si phindu lalikulu.

Funsaninso kuti ofufuza anayesa zinthu zingati. Akayesa zinthu 20 zimene zilibiretu mphamvu pa zokolola, mwa avereji chimodzi chidzagwera pansi pa 0.05 mwamwayi chabe. Ngati lipoti laonetsa chimodzicho n'kubisa 19, p yake yataya tanthauzo.

Ngakhale mzere wa feteleza, wooneka wolimba uja, uli ndi polekezera. Alimi 200 aja sanapatsidwe feteleza mwa maere, anagula okha kapena anapeza mwa njira zawo. Amene ali ndi ndalama ya thumba lachiwiri kawirikawiri alinso ndi ya mbewu yamakono ndi ya aganyu opalira msanga. Ngati zimenezi mulibe mu tebulo, mbali ya phindu lake imalowa mwakachetechete mu 180 uja. Kufunsa alimi masauzande kungapanikize mpatawo kukhala wopyapyala, koma udzapanikizika mozungulira nambala yokwera mopitirira. Malire a 101 ndi 259 amangoyeza kugwedezeka kobwera chifukwa chofunsa alimi awa m'malo mwa ena. Kuti munene kuti feteleza ndi amene wabweretsa makilogalamuwo, mufunika kuwerenga gawo la lipoti lofotokoza mmene alimi anasankhidwira, ndi amene anasankha woti athire ndi woti asathire.