Eliya ya thirayango: phunziro la pepala ndi sizasi

Mwana wa Sitandade 7 kapena 8 mukamufunsa eliya ya thirayango, kawirikawiri amayankha mosajejema kuti ndi theka la tsinde kuchulukitsa ndi msinkhu. Koma mujambuleni thirayango yopendekera, mulembe manambala pa mbali zonse zitatu ndi pa mzere wa msinkhu, muone. Amangotola manambala awiri amene amukomera m'maso n'kuchulukitsa. Lamulo analoweza ndithu, koma msinkhu sakuudziwa, ndipo theka lija sadziwa kumene linachokera. Phunziro lili m'munsimu cholinga chake n'chakuti zinthu ziwirizi mwana azigwire ndi manja ake asanazilembe m'kope. Limafuna mapiriyodi awiri otsatizana, ndipo ndi la ana amene akudziwa kale kuti eliya ya rekitango ndi mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi. Ngati izi sanazigwire, mphunzitsi abwerere kaye m'mbuyo, chifukwa zonse zikubwerazi zatsamira pa rekitango.

Zipangizo sizivuta. Pepala labwino koposa ndi la m'kope la masamu, lija la timabokosi. Timabokosi ta m'makope ambiri si ta sentimita imodzi, choncho pa tsikuli musatchule masentimita msanga. Muyeso ukhale kabokosi. Gulu lililonse la ana likhale ndi mapepala angapo, rula, pensulo ndi sizasi ngati ilipo. Kumene sizasi ndi imodzi kalasi yonse, ana apinde pepala, akande popindapo ndi chikhadabo, apindirenso mbali inayo, kenako atsindike rula n'kung'amba pang'onopang'ono. Limang'ambika mowongoka bwino lomwe. Malezala ayi, m'kalasi yothithikana wina adzadzicheka. Mphunzitsi akonzeretu zake zikuluzikulu za katoni zoti aonetse kutsogolo, mwa chizolowezi chija cha TALULAR chogwiritsa ntchito zimene zili pafupi.

Poyamba mwana aliyense adule rekitango ya timabokosi 8 mulitali ndi 6 mulifupi, ndipo anene eliya yake: 48. Ajambule mzere kuchokera pa kona imodzi kukafika pa kona yoyang'anana nayo. Apa mphunzitsi afunse, asanadule aliyense, ngati mbali ziwirizo zili zofanana. Ena adzapinda pepala pa mzerewo kuti atsimikize, ndipo adzadabwa kuona nsonga zikutulukira uku ndi uku, osagwirizana. "Si zofanana, aphunzitsi!" Musawakonze msanga. Rekitango imene si sikweya ikapindidwa chotero mbali zake sizikumana, ngakhale kuti n'zofanana. Auzeni adule, atembenuze chidutswa chimodzi mozungulira ngati muvi wa wotchi mpaka mutu uloze pansi, achisanjike pa chinzake. Zimagwirizana ndendende. Tsono ngati zidutswa ziwiri zofanana zapanga 48, chimodzi ndi 24. Wokayika awerenge timabokosi, aphatikize toduka tiwiritiwiri, afika pomwepo.

Gawo limeneli lisadye nthawi, mphindi khumi zakwana. Vuto lake n'lakuti likasiyidwa lokha limaphunzitsa bodza. Mu thirayango yodulidwa chotere, msinkhu ndi imodzi mwa mbali zake, ndiye mwana amachoka ndi maganizo akuti eliya ndi kuchulukitsa mbali ziwiri n'kugawa pakati. Aphunzitsi ambiri amalekezera pomwepa, n'chifukwa chake ana amakakodwa pa mayeso.

Ntchito yeniyeni ili pa rekitango yachiwiri, ya timabokosi 10 ndi 6. Mwana aike kadontho pa mbali yam'mwamba, timabokosi 3 kuchokera kumanzere, alumikize kadonthoko ndi makona awiri am'munsi. Yatuluka thirayango yopanda kona ya sikweya, ndipo m'mbali mwake mwatsala tizidutswa tiwiri, china chaching'ono china chachikulu. Adule tizidutswato koma asataye. Funso kwa gulu n'lakuti: chachikulu n'chiti, thirayango yapakatiyi kapena zotsalazi zitaphatikizidwa? Asiyeni alimbane nazo. Posakhalitsa wina adzatembenuza zotsalazo n'kuona kuti zikuphimba thirayango yonse, popanda mpata kapena chotulukira. Ndiye kuti thirayangoyo ndi theka la 60, lomwe ndi 30. Magulu ena muwapatse kadontho pa timabokosi 5, ena pa 8. Akabwera kutsogolo kudzaonetsa, mathirayango amaoneka osiyana, wina wowongoka wina wopendekera, koma onse akuti 30. Afunseni chimene sichinasinthe. Tsinde ndi 10 kwa onse, ndipo nsonga ili pa mtunda wa timabokosi 6 kuchokera pa tsinde kwa onse. Mbali zopendekerazo zasintha utali, eliya osasintha, kusonyeza kuti pa nkhaniyi zilibe mawu.

Tsopano msinkhu upezedwe popinda. Mwana agwire thirayango yake tsinde lili pansi, apinde pepala kudzera pa nsonga yam'mwamba, koma aonetsetse kuti m'mphepete mwa tsinde mwagona pa tsinde lomwelo, mbali ina pamwamba pa inzake. Akafunyulula, mzere wa popindapo waima chilili pa tsinde. Umenewo ndiye msinkhu. Aike kona ya pepala lina pamene mzerewo wakumana ndi tsinde. Ngati kona yalowa bwino, wapinda molondola. Cholakwika chofala n'chakuti mwana amakumanitsa makona awiri am'munsi, poganiza kuti kupinda kulikonse ndi kugawa pakati. Mudzamudziwa chifukwa mzere wake sudutsa pa nsonga. Ana amene anaonapo denga likumangidwa amamva msanga mukawakumbutsa kuti kutalika kwa denga amayeza ndi mzati woima pakati, osati ndi phaso logona chopendekera. Mzerewo audetse ndi pensulo, alembe 6 pambali pake.

Pali kupinda kwina kumene ine ndimakukonda kuposa kudula, poti palibe kanthu kotayika pansi. Pa thirayango yomweyo, mwana atsitse nsonga yam'mwamba mpaka ikhudze pamene msinkhu wakumana ndi tsinde, akande. Kenako apindire kona yakumanzere mkati kuti ifike pa malo omwewo, ateronso ndi yakumanja. M'manja mwake mwatsala karekitango kokhala ngati envelopu. Akayeze: mulitali 5, mulifupi 3, ndiko kuti theka la tsinde ndi theka la msinkhu. Eliya yake ndi 15. Apa ena adzakweza manja kuti yankho lasintha, poyamba linali 30. Afunseni kuti pepala lasanjikizana kangati mu envelopumo. Kawiri paliponse, choncho 15 kawiri ndi 30. Mphunzitsi watcheru adzaonanso kuti makona atatu a thirayango akumana pamodzi n'kupanga mzere wowongoka, umboni wa madigiri 180 aja, koma zimenezo azisungire tsiku lina.

Lamulo lilembedwe pa bolodi pokhapokha izi zitachitika, ndipo ana ayambe alinena m'mawu awo. Kenako mulembe monga liliri m'buku, `A = ½ × b × h`, n'kufotokoza kuti `b` ndi tsinde ndipo `h` ndi mzere uja apinda. Apa mpamene masentimita alowe: tsinde la masentimita 10 ndi msinkhu wa masentimita 6 zipereka `30 cm²`, ndipo ka 2 kam'mwambako kakukumbutsa kuti tikuwerenga timabokosi, osati utali wa chingwe.

Njira yopindayi ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino ana awaone okha. Jambulani pa pepala la timabokosi tsinde la 6, ndipo nsonga muiike timabokosi 4 m'mwamba koma itapitirira mapeto a tsinde ndi timabokosi 3. Thirayangoyi yaweramira kunja, ndipo mbali yake yaifupi yopendekera ndi 5 ndendende. Mwana akaidula n'kuyesa kupinda msinkhu, zimakanika, chifukwa msinkhu wagwera kunja kwa pepala. Ambiri amangotenga 5 uja n'kupeza 15, pamene yankho ndi 12. Kuti aone chifukwa chake, asanjikize mapepala awiri n'kudula kamodzi, apeze mathirayango awiri ofanana. Awalumikize pa mbali yaitali koposa, wina atatembenuzidwa, ndipo ipangika paralelogiramu ya tsinde 6. Adule kansonga kakumanzere motsata mzere woima wa timabokosi, akasamutsire kumanja. Yasanduka rekitango ya 6 ndi 4, eliya 24, ndipo thirayango imodzi ndi theka lake. Nambala 5 sinagwire ntchito paliponse. Amene akufunabe kupinda atembenuze thirayangoyo kuti mbali yaitali koposa ikhale pansi. Msinkhu umagwera mkati nthawi zonse ukatero, kungoti manambala sakhalanso athunthu ndipo muyeso wa rula umangoyandikira 12. Kutembenuzako kumaphunzitsanso kuti tsinde si mbali yoikika: mbali iliyonse ingakhale tsinde, bola msinkhu uyezedwe kuchokera pa iyo.

Mphindi zomaliza ndi zoyesa ngati zamveka, ndipo pano pali msampha umene umagwira mphunzitsi mwini. Thirayango yoyamba ija ya 8 ndi 6 ili ndi mbali yachitatu ya 10. Mwana wosokoneza eliya ndi perimita akaphatikiza 6, 8 ndi 10 amapeza 24, yankho lomwelo la eliya, inu n'kumuchonga mosangalala. Ya 5, 12 ndi 13 imachitanso chimodzimodzi: zonse ziwiri ndi 30. Poyesa ana gwiritsani ntchito ya kona ya sikweya ya mbali 9, 12 ndi 15, muijambule itapendekeka kuti pasakhale mbali yogona pansi bwinobwino. Yankho ndi 54, ndipo yankho lolakwika lililonse limaulula matenda ake. Wolemba 108 waiwala theka, abwerere ku zidutswa ziwiri zosanjikiza. Wolemba 36 wayenda mozungulira m'mphepete, ameneyo awerengenso timabokosi. Wolemba 90 kapena 67.5 watenga mbali ya 15 ngati msinkhu, ndipo kumubwerezera lamulo sikungathandize, poti lamulo akulidziwa. Mupatseni thirayango ya pepala apindenso, ayeze ndi kona ya kope. Zidutswa zonse azimate m'makope ndi phala la ufa wa chinangwa ngati guluu palibe, msinkhu utadetsedwa, kuti pokonzekera mayeso a Sitandade 8 adzakhale ndi poyang'ana.