Ti-tesiti kapena kayi-sikweya: kusankha njira pa mayeso a ziwerengero

Pa mayeso a phunziro la ziwerengero, ophunzira ambiri amataya malikisi asanayambe n'komwe kuwerengetsa. Funso limawapatsa magulu awiri a anthu ndi manambala angapo, kenako n'kuwauza kuti asankhe njira yoyenera yoonera ngati maguluwo akusiyanadi. Pamenepo ena amangolotera pakati pa ti-tesiti ndi kayi-sikweya. Chonsecho yankho limakhala lili m'funso momwemo, pa chimene ofufuza analemba za munthu aliyense. Mwina anamuyeza n'kupeza nambala, kapena anangomuika m'gulu n'kuwerenga anthu a m'gululo.

Tiyerekeze kuti funso likuti ana 100 amagona m'neti ndipo 20 anadwala malungo, pomwe mwa ana 100 osagona m'neti anadwala ndi 40. Za mwana aliyense timangodziwa kuti anadwala kapena sanadwale. Palibe mwana amene anadwala theka, choncho manambala 20 ndi 40 akungowerenga mitu ya ana. Funso lotere ndi la kayi-sikweya, njira imene Karl Pearson anatulukira mu 1900.

Poyamba timafunsa kuti neti ikanakhala yopanda ntchito, tikanayembekezera kuona chiyani. Odwala onse ndi 60 mwa ana 200, ndiye gulu lililonse likanakhala ndi odwala 30 ndi osadwala 70. Kenako timayerekeza zimene zapezeka (O) ndi zimene timayembekezera (E) m'mabokosi onse anayi a tebulo:

```
χ² = Σ (O − E)² / E
   = 100/30 + 100/70 + 100/30 + 100/70
   = 9.52
```

Pa tebulo la mizere iwiri ndi zipilala ziwiri, malire pa mlingo wa 5 peresenti ndi 3.84. Popeza 9.52 waposa malirewa, timati pali mgwirizano pakati pa kugona m'neti ndi kusadwala malungo.

Tsopano wokonza mayeso akhoza kusunga ana omwewo koma n'kusintha chinthu chimodzi chokha. Akuti mwana aliyense anamuyeza himogulobini, chimene kuchipatala amangoti kuchuluka kwa magazi. Avereji ya ogona m'neti ndi 11.5 g/dL, ya enawo ndi 10.9, ndipo kumwazikana kwa manambala (s) ndi 1.5 m'gulu lililonse. Apa mwana aliyense ali ndi nambala yakeyake, ndipo tikuyerekeza ma avereji awiri. Imeneyi ndi ntchito ya ti-tesiti, imene William Gosset anafalitsa mu 1908 pa dzina loti Student akugwira ntchito ku kampani yofulula mowa ya Guinness ku Dublin.

```
t = (11.5 − 10.9) / √(1.5²/100 + 1.5²/100) = 2.83
```

Malire ake pa ana ochuluka chonchi ndi pafupifupi 1.97, choncho kusiyanaku sikwamwayi chabe. Mukangoona kuti funso lapereka avereji ndi s, dziwani kuti kayi-sikweya alibe pogwira, chifukwa iye amafuna chiwerengero cha anthu m'bokosi lililonse.

Aphunzitsi ochenjera amatchera msampha apa. Amatchula himogulobini, wophunzira n'kuthamangira ti-tesiti, koma m'munsimu funso likuti ana anagawidwa pawiri: ochepa magazi, amene ali pansi pa 11, ndi amene magazi awo ndi okwanira. Nambala yoyezedwa ija yasanduka gulu, ndipo tabwerera kwa kayi-sikweya. N'chimodzimodzinso pamene alemba 1 kuimira mnyamata ndi 2 kuimira mtsikana. Kompyuta ikhoza kukupatsani avereji ya 1.4, koma nambala imeneyo siikutanthauza kanthu.

Msampha umene ine ndimauona kuti ndi woopsa kwambiri ndi wa maperesenti, chifukwa wophunzira amakhala wasankha njira yolondola koma n'kuika manambala olakwika. Funso likati 20 peresenti ya ana 25 ndi 40 peresenti ya ana ena 25 anadwala, odwala enieni ndi 5 ndi 10. Ndi manambala amenewa kayi-sikweya amatuluka 2.38, pansi pa 3.84, ndiye palibe umboni wokwanira. Amene waika 20 ndi 40 m'tebulo apeza 9.52 uja, n'kulengeza mgwirizano umene ana 50 okha sangathe kuutsimikizira.

Tebulo likatha, onaninso ma E. Wina akatsika pansi pa 5, kayi-sikweya sadalirika, ndipo wochonga amayembekezera kuti mutchule tesiti ya Fisher m'malo mwake.